Achinyamata a m'tauni akachuluka pa kafukufuku: momwe akatswiri amayezera mayankho, ndi pomwe sikelo imalephera

Masiku ano kufunsa anthu maganizo awo n'kotsika mtengo kuposa kale. Bungwe limalemba mafunso khumi, n'kuwatumiza pa foni, ndipo pakutha pa sabata mayankho chikwi chimodzi amakhala atafika. Kenako nkhani imamveka pa wailesi: Amalawi ochuluka akufuna chakuti, Amalawi ambiri sakhulupirira zakuti. Funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti Amalawi akewo ndi ati.

Mukatsegula mndandanda wa omwe ayankha kafukufuku wa pa foni kapena pa intaneti, chithunzi chake chimakhala chofanana nthawi zambiri. Ochuluka ndi anyamata ndi asungwana a ku Ndirande, Area 25, Chibavi ndi Chinamwali, omwe foni yawo ili ndi moto, netiweki ikugwira, ndipo sasowa ndalama ya bando. Agogo a ku Nthalire kapena mayi wa ku Makhanga amapezeka mwa apo ndi apo. Komatu kalembera wa mu 2018, yemwe anachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 alionse, 16 okha ndiwo ankakhala m'matauni. Otsalawo, 84, anali a kumidzi. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti mabanja omwe anali ndi foni ya m'manja anali pafupifupi theka chabe. Choncho kafukufuku yemwe theka la oyankha ake ndi a m'tauni akunena za dziko lina, osati lomwe tikukhalali.

Kutaya mayankhowo n'kuononga ndalama. Kuwafalitsa momwe alili n'kunamiza anthu. Njira yapakati yomwe akatswiri a kafukufuku amatsata ndiyo kupereka kulemera kosiyana kwa mayankho: yankho la munthu wochokera m'gulu lomwe lachuluka mopyola muyezo amalipeputsa, la munthu wochokera m'gulu lomwe laperewera amalilemeretsa, mpaka magulu onse afanane ndi momwe alili m'dziko. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chovuta n'kudziwa zomwe masamuwo angakonze ndi zomwe sangakonze.

Masamu ake ndi awa

Tiyerekeze kuti tafunsa anthu 1,000 a zaka 18 kupita m'tsogolo funso ili: kodi sabata yathayi munatumiza kapena kulandira ndalama pa foni? Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti njirayo ioneke bwino, si zotsatira za kafukufuku weniweni. Oyankha tawagawa m'magulu anayi. Achinyamata a m'tauni, a zaka 18 mpaka 34, alipo 400. Akuluakulu a m'tauni, a zaka 35 kupita m'tsogolo, alipo 150. Achinyamata a kumidzi ndi 300, ndipo akuluakulu a kumidzi ndi 150.

Mwa achinyamata a m'tauni, 320 ayankha kuti inde, kutanthauza 80 pa 100 alionse. Mwa akuluakulu a m'tauni, 90 avomera, omwe ndi 60 pa 100. Achinyamata a kumidzi ovomera ndi 150, theka lenileni, pomwe akuluakulu a kumidzi ovomera ndi 45, omwe ndi 30 pa 100. Tikaphatikiza onse tikupeza 605 mwa anthu 1,000. Wolemba lipoti wopupuluma alengeza pomwepo kuti Amalawi asanu ndi mmodzi mwa khumi alionse amagwiritsa ntchito ndalama za pa foni sabata iliyonse.

Tsopano tifunse kuti, dziko likanafinyidwa kukhala anthu 1,000, gulu lililonse likanakhala ndi anthu angati? Tisunge 16 ndi 84 wa kalembera uja, ndipo tiyerekeze kuti achinyamata a m'tauni akanakhala 100, akuluakulu a m'tauni 60, achinyamata a kumidzi 460, akuluakulu a kumidzi 380. Kulemera kwa munthu aliyense kumapezeka pogawa chiwerengero chomwe chimayenera kukhalapo ndi chomwe chapezeka. Achinyamata a m'tauni amayenera kukhala 100 koma tapeza 400, ndiye aliyense alemera 0.25, anayi awerengedwa ngati munthu mmodzi. Akuluakulu a m'tauni, 60 kugawa ndi 150, alemera 0.4. Achinyamata a kumidzi, 460 kugawa ndi 300, alemera 1.53. Akuluakulu a kumidzi, 380 kugawa ndi 150, alemera 2.53, kutanthauza kuti aliyense wa iwo akuyankhula m'malo mwa anthu awiri ndi theka.

Tikawerenganso ovomera ndi kulemera kwatsopanoku, achinyamata a m'tauni 320 aja asanduka 80, akuluakulu a m'tauni 90 asanduka 36, achinyamata a kumidzi 150 akwera kufika 230, ndipo akuluakulu a kumidzi 45 afika 114. Onse pamodzi ndi 460 mwa 1,000. Yankho latsika kuchoka pa 60.5 kufika pa 46 pa 100 alionse. Palibe yemwe wasintha maganizo, palibe yankho lomwe lafufutidwa, koma mutu wa nkhani watembenuka: ogwiritsa ntchito njirayi sakukwana theka.

Yemwe ali ndi mayankho pa kompyuta safunika pulogalamu yodula. Ngati m'danga B muli 1 pa wovomera ndi 0 pa wokana, ndipo m'danga C muli kulemera kwa munthu aliyense, mu Excel mumalemba:

```
=SUMPRODUCT(B2:B1001,C2:C1001)/SUM(C2:C1001)
```

Musanakhulupirire chotsatira chake, phatikizani kulemera kwa anthu a gulu lililonse. Ngati achinyamata a m'tauni sakutuluka 100 ndipo onse pamodzi sakutuluka 1,000, pena pake pasokonekera. Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri n'kutembenuza kagawidwe, 400 kugawa ndi 100, komwe kumapatsa gulu lochuluka kale mphamvu zina zoonjezera.

Zofanizira zikhale zolondola

Kulemera konseku kwatsamira pa manambala a kalembera, ndiye manambalawo akalakwika, zonse zalakwika. Pali mbuna ziwiri zomwe anthu amagweramo mosazindikira.

Yoyamba ndi ya zaka. Nambala ya 16 ija ikuwerenga aliyense, ndi makanda omwe, pomwe kafukufuku wathu wafunsa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. M'dziko lomwe pafupifupi theka la anthu ake sanakwanitse zaka 18, kusiyanaku si kwamasewera. Mabanja a kumidzi amakhala ndi ana ambiri, ndipo matauni amakoka anthu a msinkhu wogwira ntchito, kotero gawo la a m'tauni pakati pa akuluakulu okha silingafanane ndendende ndi gawo lawo pakati pa anthu onse. M'chitsanzo chathu tasunga 16 kuti masamu asavute. Pa ntchito yeniyeni muyenera kufufuza tebulo la kalembera lomwe lagawa anthu malinga ndi zaka komanso komwe amakhala, n'kuchotsamo ana. Ngati mafunso ndi a chisankho, chofanizira chabwino ndi kaundula wa olembetsa kuvota, pakuti si wamkulu aliyense yemwe analembetsa.

Yachiwiri ndi ya tauni. Kwa a kalembera, tauni ndi mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kuphatikizapo maboma ndi matauni ena ozindikiridwa ndi boma. Koma pa fomu munthu amadziyika yekha. Mnyamata wogulitsa zovala za kaunjika pamsika waukulu wa m'mbali mwa msewu akhoza kunena kuti ali m'tauni pomwe kalembera amamuwerenga wa kumudzi. Mlonda yemwe wakhala ku Bangwe zaka makumi awiri, mukamufunsa kwawo, atchula ku Thyolo. Anthu akalowa m'gulu lolakwika amatenga kulemera kolakwika, ndipo mlonda uja, yemwe amayenera kulemera 0.4, alemera 2.53. Mankhwala ake ndi ofunika kuwakonza mafunso asanatumizidwe: funsani komwe munthu amagona masiku ambiri, boma lake, mfumu yaikulu kapena dera la mumzinda, kenako inu eni mugawe motsata malire a kalembera.

Nthawi zina tebulo la magulu anayi lija silipezeka. Mumadziwa kuti a m'tauni ndi 160 pa 1,000 ndipo achinyamata ndi 560 pa 1,000, koma simudziwa kuti achinyamata a m'tauni ndi angati. Apa pamagwira ntchito njira yomwe W. Edwards Deming ndi Frederick Stephan anafotokoza mu 1940 pokonza matebulo a kalembera wa ku America. Mumayamba kukonza mbali imodzi: a m'tauni 550 muwatsitse kufika 160, a kumidzi 450 muwakweze kufika 840. Mukatero achinyamata atuluka 676 m'malo mwa 560, ndiye mukonze mbali ya zaka. Kukonza zakako kusuntha pang'ono a m'tauni kufika 156, ndiye mubwerere koyamba kuja. Mukabwereza kangapo mbali zonse ziwiri zimakhazikika. Mu pulogalamu ya R, phukusi la survey lili ndi lamulo la rake lomwe limachita zimenezi, ndipo ndi njira yomwe imathandiza mukafuna kuonjezerapo zinthu zina monga maphunziro, chigawo komanso ngati woyankha ndi mwamuna kapena mkazi.

Mtengo wake

Kulemeretsa mayankho si kwaulere, ndipo apa ndi pomwe malipoti ambiri amakhala chete. Anthu 1,000 osankhidwa mwamaere amapereka yankho lomwe lingaphonye ndi mapointi pafupifupi 3 mbali iliyonse. Koma anthu athu 1,000 sakulemera mofanana. Gulu la akuluakulu 150 okha a kumidzi lanyamula 38 pa 100 ya yankho lonse, pomwe anthu 400 anyamula 10 pa 100 basi. Katswiri wa masamu a kafukufuku Leslie Kish anapereka njira yachidule yodziwira kuti mayankho olemera mosiyana akufanana ndi anthu angati olemera mofanana:

```
=SUM(C2:C1001)^2/SUMSQ(C2:C1001)
```

Pa chitsanzo chathu chotsatira ndi 582. Tinalipira mayankho 1,000, koma mphamvu yake ndi ya anthu 582, ndipo kuphonya kwake kwakwera kufika mapointi 4. Imeneyi ndi nkhani yopiririka.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Akuluakulu a kumidzi omwe ayankha akhale 40 okha, ndipo achinyamata a m'tauni akhale 510. Aliyense wa anthu 40 aja alemera 9.5. Mphamvu ya kafukufuku yense itsika kufika anthu 229, kuphonya kukwera kupitirira mapointi 6, ndipo munthu mmodzi wa m'gululi akasintha yankho, chotsatira cha dziko lonse chisuntha ndi pafupifupi pointi yathunthu. Agogo asanu atamva funso molakwika chifukwa foni imadukaduka, lipoti lonse lapendekeka.

Izi zinachitikapo poyera. Pa chisankho cha ku America cha 2016, kafukufuku wa University of Southern California ndi nyuzipepala ya Los Angeles Times ankafunsa anthu omwewo mobwerezabwereza, ndipo ankawagawa m'timagulu ting'onoting'ono kwambiri. Nate Cohn wa nyuzipepala ya The New York Times atasanthula mayankhowo anapeza mnyamata wina wachikuda wa zaka 19 wa ku Illinois, wotsatira Donald Trump, yemwe nthawi zina ankalemera kuwirikiza ka 30 kuposa woyankha wamba. Sabata yomwe mnyamatayo wayankha, zinkaoneka ngati Trump wapeza chikoka pakati pa ovota achikuda. Sabata yomwe sanayankhe, chikokacho chinkazimirira. Kumeneko gulu loperewera linali la achinyamata, kwathu kuno ndi la akuluakulu a kumidzi, koma vuto ndi lomwelo.

Akatswiri amadziteteza m'njira ziwiri. Amaphatikiza timagulu tochepa anthu, kapena amadula kulemera kuti kusapitirire malire ena, monga 5. Kudulako kuli ndi ngongole yake. Anthu 40 aja akalemera 5, awerengedwa 200 m'malo mwa 380, gawo lawo litsika kufika pa 24 pa 100, ndipo yankho likwera kuchoka pa 46 kufika pa 49.5. Mwachepetsa kugwedezeka kwa manambala, koma mwabwezeretsa mbali ina ya kukondera a m'tauni. Palibe malire omwe ali olondola pa kafukufuku aliyense. Chomwe ndimaona kuti n'chosakhululukika ndi kudula mwakachetechete, kapena kuyesa malire angapo mpaka yankho lokondweretsa mwini ndalama lituluke.

Chomwe sikelo siona

Vuto lalikulu silioneka m'masamu onsewa. Pamene tikuti akuluakulu 150 a kumidzi aimire anzawo onse, tikuganiza kuti omwe ayankha ndi ofanana ndi omwe sanayankhe. Koma taganizani kuti ndi wamkulu uti wa kumudzi yemwe amayankha mafunso pa foni. Ndi mphunzitsi wopuma pantchito, mlangizi wa zaumoyo, mwini golosale yemwe ali ndi sola padenga, kapena mayi yemwe mwana wake ali ku Joni ndipo amamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi. Onsewa ndi a kumudzi ndithu, zaka zawo ndi zoona, koma pa funso la ndalama za pa foni ndi anthu apadera. Mayi wopanda foni, yemwe amabwereka ya mnansi pakagwa zovuta, mwayi wake wolowa m'kafukufukuyu unali ziro, ndipo ziro ngakhale mumuchulukitse ndi 9.5 amakhalabe ziro. Ndiye 30 pa 100 tinapeza m'gululi ija ikhoza kukhala yokwera kwambiri, ndipo 46 wathu wokonzedwa bwinoyo akadali pamwamba pa zoona.

Kulemeretsa kumathandiza pokhapokha chinthu chomwe mukulemeretsera chikukhudzana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwayi woti munthu ayankhe, komanso yankho lomwe apereke. Zaka ndi tauni zimakhudza zonse ziwiri, n'chifukwa chake yankho linasuntha. Koma maphunziro ndi chuma cha pakhomo zimakhudzanso zonse ziwiri, ndipo tikazisiya, kukondera kumabisala m'kati mwa gulu lililonse. Ku America komweko mu 2016, akafukufuku ambiri a m'zigawo sankalemeretsa potengera maphunziro, ndipo anthu ofika ku koleji, omwe amayankha mafunso mosavuta, anachuluka. Ichi chinatchulidwa pambuyo pake ngati chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe anachepetsera mavoti a Trump.

Pali njira yosavuta yodziyesera. M'mafunso anu ikanimo awiri kapena atatu omwe yankho lake la dziko lonse likudziwika kale kuchokera ku kalembera kapena ku kafukufuku wamkulu wa m'makomo, monga mtundu wa denga la nyumba, gwero la madzi akumwa, kapena kalasi yomwe munthu analekezera. Mafunsowa musawagwiritse ntchito polemeretsa. Mukamaliza kulemeretsa, yerekezani. Ngati a kumidzi anu ofika ku sekondale akuwirikiza kawiri chiwerengero cha kalembera, dziwani kuti sikelo yalinganiza magulu koma sinafike m'mudzi. Mukhoza kuonjezera maphunziro pa zinthu zolemeretsera, bola mukhale ndi anthu okwanira omwe sanapite patali ndi sukulu. Akakhala asanu ndi awiri, mwabwerera ku vuto la mnyamata wa ku Illinois.

Sikuti mayankho opendekeka alibe ntchito. Mu 2012 ofufuza anayi, Wei Wang, David Rothschild, Sharad Goel ndi Andrew Gelman, anafunsa anthu osewera magemu pa makina a Xbox za chisankho cha Barack Obama ndi Mitt Romney. Mwa oyankha 100 alionse, 93 anali amuna ndipo 65 anali a zaka 18 mpaka 29. Mayankho osakonza ankasonyeza Romney akutsogola. Atawakonza, anafanana kwambiri ndi zotsatira zenizeni, zomwe zinapatsa Obama chipambano. Koma taonani zomwe anali nazo: oyankha oposa 340,000, kotero ngakhale magulu osowa monga amayi achikulire anali ndi anthu okwanira, komanso ankadziwa chipani chomwe aliyense amatsatira ndi momwe anavotera mu 2008, zinthu zomwe zimalosera voti mwamphamvu. Yemwe ali ndi mayankho 1,000 ndi mafunso awiri a zaka ndi tauni asadziyerekeze ndi iwowa.

Kwathu kuno chitsanzo chothandiza ndi cha nthawi ya Covid-19. Mu 2020, kuyenda khomo ndi khomo kutavuta, National Statistical Office mothandizana ndi World Bank inayamba kufunsa mabanja pa foni. Manambala a foni sanatoledwe mwachisawawa. Anachokera ku mabanja omwe anayenderedwa kale m'makomo pa kafukufuku wa 2019. Ubwino wake ndi woonekeratu: ofufuza ankadziwa kale zambiri za mabanja omwe anawapeza pa foni ndi omwe sanawapeze, kotero kulemeretsa kunali ndi poyambira polimba kuposa zaka ndi tauni chabe. Nawo a Afrobarometer, omwe kuno amagwira ntchito kudzera ku Centre for Social Research ya University of Malawi, amafunsa anthu 1,200 maso ndi maso m'madera osankhidwa mwamaere motsata kalembera. Amalemeretsa nawonso, koma kukonza kwawo kumakhala kochepa chifukwa ntchito yaikulu imachitika posankha anthu. N'zodula, galimoto zimatitimira m'matope, koma mayi wopanda foni uja amakhala ndi mwayi wofunsidwa.

Kwa bungwe lomwe thumba lake silifika pamenepo, uphungu wanga ndi wakuti muziyang'ana kuchuluka kwa magulu kafukufuku ali m'kati, osadikira kumapeto. Achinyamata a m'tauni akakwana 200, lekani kuwalandira, ndipo ndalama yotsalayo muigwiritse ntchito potumiza ofunsa kumidzi ndi mapepala kapena mafoni awo. Pa chitsanzo chija cha anthu 40, kuonjezera achinyamata ena 500 a m'tauni sikusintha kanthu pa mphamvu ya kafukufuku, pomwe akuluakulu 110 a kumidzi amaikweza kuchoka pa 229 kupitirira 580. Ngati kumidzi simungafikeko konse, lembani zoona pamutu pa lipoti: awa ndi maganizo a anthu okhala ndi foni, ambiri a iwo a m'tauni. Lipoti lotere lili ndi ntchito yake, ndipo silinamiza munthu.

Inu awerengi, komanso anzanga atolankhani, wina akakubweretserani zotsatira za kafukufuku zoti ndi maganizo a Amalawi, mufunseni kuti anthuwo anawapeza bwanji, a kumidzi opitirira zaka 35 anali angati asanalemeretse, munthu wolemera kwambiri analemera bwanji, ndipo mphamvu yeniyeni ya kafukufukuyo ndi ya anthu angati. Yemwe wagwira ntchito yake moona amayankha mafunsowa osatsegula n'komwe kompyuta. Akayamba kuzungulira, musaike nambala yakeyo pamutu pa nkhani.